Fomu yadzidzaza yokha, koma yakunamizirani

Masiku ano mabungwe ambiri akuluakulu salandiranso kalata ya mu envelopu. Amakutumizani pa tsamba la pa intaneti, mutsegule akaunti, mukweze sivi yanu, kenako mudzaze fomu. Pa masamba oyendetsedwa ndi pulogalamu ya Workday, omwe mungawazindikire ndi mawu oti `myworkdayjobs.com` pa adiresi yake, pamabwera batani lolembedwa kuti `Autofill with Resume`. Mukalidina n'kukweza failo yanu, pakangotha kamphindi mabokosi amene anali opanda kanthu amadzaza okha. Mtima umakhala pansi, makamaka ngati mukugwiritsa ntchito foni ndipo bandulo ili pafupi kutha. Anthu ambiri akafika apa amangodina `Save and Continue` mpaka kumapeto.

Apa m'pamene ntchito zambiri zimathawira. Zimene zalowa m'mabokosimo si sivi yanu, koma ndi zimene pulogalamu yaganiza kuti sivi yanuyo ikunena. Ndipo kuofesi yolemba anthu ntchito, zoyamba kuoneka pa kompyuta nthawi zambiri zimakhala za m'mabokosizo: dzina, ntchito imene mukugwira pano, kumene mukugwira, maphunziro. Failo yanu yokongola ija ilipo ndithu, ndipo akhoza kuitsegula, koma munthu amene walandira mafomu mazanamazana amayamba wasefa kaye ndi kufufuza pogwiritsa ntchito zomwe zili m'fomu. Ngati fomu ikuti munagwira ntchito zaka 2 pomwe munagwira zaka 7, mwina sadzakhala n'chifukwa chotsegulira failoyo.

Mmene pulogalamu imawerengera

Kuti mudziwe poyang'ana, ndi bwino kumvetsa kaye zimene zimachitika failo ikangokwera. Pulogalamu imachita zinthu zitatu motsatizana. Imayamba yasolola malemba onse m'failomo n'kuwandanda mzere ndi mzere, popanda mitundu, zithunzi kapena mizere yokongoletsa. Kenako imadula malembawo m'zigawo poyang'ana timitu todziwika, monga `Work Experience`, `Education` ndi `Skills`. Pomaliza, m'chigawo chilichonse imayesa kulota kuti mawu awa ndi dzina la kampani, awa ndi udindo, awa ndi deti. Ikaphonya poyamba paja, zotsatira zonse zimapotoka.

Poyamba pomwepo m'pamene pamavuta kwambiri, chifukwa cha mmene PDF inapangidwira. PDF sisunga ndime kapena ziganizo monga momwe maso athu amazionera. Chimene imasunga kwenikweni ndi malangizo akuti zilembo izi zikhale apa, izo zikhale apo pa tsambalo. Tsamba likakhala lolembedwa kuchokera pamwamba kutsika pansi mopanda kugawa, pulogalamu imalumikiza bwinobwino. Koma sivi zambiri zamakono, zimene anthu amatenga zokonzeratu pa intaneti, zimagawa tsamba pawiri: kumanzere kuli luso, ziyankhulo ndi nambala ya foni, kumanja kuli mbiri ya ntchito. Pulogalamu ina imawerenga tsamba loterolo ngati munthu wowerenga nyuzipepala mongodutsa, kuchoka m'danga loyamba kulowa m'lachiwiri pa mzere womwewo, nkhani ziwiri n'kusanduka imodzi yopanda mutu.

Pali malo enanso amene malemba amasowera. Mu Word, zimene mwalemba m'kagawo ka pamwamba kotchedwa `Header` zimasungidwa padera ndi thunthu la kalata, ndiye mapulogalamu ena sazifikira. Tsoka lake n'lakuti m'menemo ndi mmene ambiri amaikamo dzina, foni ndi imelo. Mabokosi ojambula a `Text Box` nawonso amadumphidwa kapena kuwerengedwa pamalo olakwika. Choipa kuposa zonse ndi sivi yosikana kapena yojambulidwa ndi foni. Imeneyo ndi chithunzi chabe, mulibe chilembo n'chimodzi chomwe. Masamba ena amayesa kuzindikira zilembo pa chithunzi, koma amasokoneza 1 ndi l, 0 ndi O, ndipo imelo ikalakwika chilembo chimodzi basi, kalata yokuitanani sikufikani.

Tione pa sivi imodzi

Tiyerekeze ndi mayi wina wowerengera ndalama amene akufunsira ntchito mu Disembala 2024. Malondawo akuti akufuna munthu wa digiri amene wagwirapo ntchito imeneyi zaka zosachepera 5. Mayiyu anamaliza digiri yake ku Polytechnic mu 2016. Anayamba ntchito mu Malichi 2017 ngati kalaliki wa zachuma pa kampani ina ku Limbe, ndipo mu Seputembala 2019 anakwezedwa pa kampani yomweyo kukhala wothandizira akauntanti. Mu Januwale 2022 anapita ku bungwe lina ku Lilongwe, komwe ali mpaka pano. Mukawerenga, udindo woyamba ndi miyezi 30, wachiwiri miyezi 28, wachitatu miyezi 36. Yonse pamodzi ndi miyezi 94, kapena kuti zaka 7 ndi miyezi 10. Akukwanira bwino lomwe.

Sivi yake ndi yogawa pawiri, ndipo pamwamba penipeni palembedwa mawu akuluakulu akuti `CURRICULUM VITAE` monga tinaphunzitsidwira kale. Pulogalamu itasolola malemba, gawo la ntchito yoyamba linatuluka motere:

```
SKILLS Company A, Limbe
Sage Assistant Accountant Sept 2019 - Dec 2021
Excel Accounts Clerk Mar 2017 - Aug 2019
```

Ndiye fomu inadzaza chonchi. Pa dzina loyamba panalowa `Curriculum`, pa dzina la bambo `Vitae`, chifukwa pulogalamu imayembekezera kuti mawu akuluakulu oyamba pa tsamba ndi dzina la munthu. Udindo wake unakhala `Sage Assistant Accountant`. Udindo wa ukalaliki unasoweratu, popeza dzina la kampani analilemba kamodzi kokha pamwamba pa maudindo awiriwo, ndipo pulogalamu inaona kampani imodzi n'kutsegula bokosi limodzi. Ntchito yake yapano, imene analemba kuti `Jan 2022 - to date`, inalowa ndi deti loyambira lokha. Mawu oti `to date` ife timawakonda, koma mapulogalamu ambiri amene amazindikira msanga ndi `Present` kapena `Current`.

Mukaphatikiza zimene fomu ikusonyeza tsopano, ndi miyezi 28 yokha imene ili ndi poyambira ndi pothera. Mayi wa zaka pafupifupi 8 pantchito waoneka ngati wa zaka 2 ndi miyezi 4, komanso ngati munthu amene sizikudziwika ngati ali pantchito. Dzina lolakwika akanaliona msanga chifukwa lili pa tsamba loyamba ndipo n'loseketsa. Zolakwika za madeti sizikuwa. Bokosi likakhala ndi kanthu, maso amangoti zili bwino.

Kukonza, kuyambira pamwamba

Yambani ndi dziko. Pa Workday tsamba loyamba limatchedwa `My Information`, ndipo bokosi la `Country` ndi limene limalamula maonekedwe a mabokosi a dzina, adiresi ndi foni. Mukalisintha mutadzaza kale zina, mabokosi amasintha ndipo zina zimene munalemba zikhoza kufufutika. Musadabwe mukapeza dziko lina palipo. Limbe aliko ku Cameroon, Blantyre aliko ku Scotland, ndipo sivi imene sinatchule Malawi paliponse imasiyira pulogalamu mpata wosankha yokha.

Dzina lilembeni ndendende monga lilili pa chiphaso cha unzika kapena pasipoti, chifukwa n'limene adzafananize mukadzapatsidwa ntchito. Onetsetsani kuti dzina loyamba ndi la bambo sanasinthane malo. Ambiri timayamba ndi dzina la bambo pa zikalata, pomwe pulogalamu imatenga mawu oyamba ngati dzina la munthu mwini. Maina ngati Gift, Blessings kapena Precious nthawi zina amadumphidwa chifukwa m'Chingerezi ndi mawu wamba. Ndipo a maina okhala ndi kachizindikiro, monga Ng'oma kapena Ng'ambi, ayang'anitsitse. Word imapinda kachizindikiroko pokongoletsa, ndipo kopindikako kakafika pa masamba ena kamasanduka zinyalala ngati `Ngâ€™oma`. Fufutani n'kulemba nokha m'bokosimo, musachite kukopa kuchokera m'failo.

Pa foni pamakhala mabokosi awiri, la nambala ya dziko ndi la nambala yanu. Sankhani +265, kenako lembani manambala 9 otsala mutachotsa 0 woyambirira. Mukasiya +265 m'mabokosi onse awiri, nambala imatalika ndipo woimba sakupezani. Chinthu china chimene ndimati aliyense achione kawiri ndi ichi: kodi foni ndi imelo zimene zalowazo n'zanudi? Ngati zanu zinali mu `Header` ndipo pulogalamu sinazione, imatenga nambala ndi imelo yoyamba imene yapeza m'failomo. Pa sivi zathu, imeneyo imakhala ya munthu amene mwamulemba kumapeto kuti akuchitireni umboni, nthawi zina bwana wanu wapano. Uthenga wokuitanani kukayesedwa ukhoza kupita kwa iyeyo inu osadziwa, ndipo mwina simunamuuze n'komwe kuti mukufuna kuchoka.

Adiresi ndi yosavuta. Chotsani `P.O. Box` kapena `Private Bag` ngati zalowa pa bokosi la mzinda, muike Lilongwe, Mzuzu kapena Zomba pamalo pake.

Pamene pafunika kudekha

Tsamba la `My Experience` ndi limene liyenera kudya nthawi yanu yambiri. Musayambe ndi kuwerenga mawu. Yambani ndi kuwerenga mabokosi: sivi yanu ili ndi maudindo angati, ndipo fomu yatsegula angati? Mayi uja ali ndi 3, fomu yatsegula 2. Kungowerenga kotereku kumaulula msanga zimene zasowa. Nthawi zina zimachitika mosemphana, fomu n'kutsegula mabokosi ochuluka. Maphunziro a masiku atatu amene munakachita ku hotela amalowa ngati ntchito chifukwa ali ndi deti ndi dzina la bungwe, kapena munthu wokuchitirani umboni amalowa ngati udindo wanu, mpaka inu kuoneka ngati munakhalapo mkulu wa zachuma. Amenewo afufuteni ndi `Delete`.

Udindo uliwonse ukhale ndi bokosi lakelake, ngakhale kampani ili yomweyo. Mayiyu adine `Add Another`, alembe dzina la kampani kachiwiri, aike ukalaliki kuyambira 03/2017 mpaka 08/2019, kenako akonze bokosi linalo kuti likhale la wothandizira akauntanti kuyambira 09/2019 mpaka 12/2021. Ena amaona ngati n'chidule kuphatikiza maudindo awiriwo n'kulemba wapamwamba wokhawo kuyambira 2017. Ine sindivomereza. Choyamba, ndiye kuti mwanena kuti munali ndi udindo umene munalibe, ndipo akadzaimba foni kukampaniko zidzasiyana. Chachiwiri, mwabisa chinthu chimene chikanakugulitsani, chakuti munakwezedwa. Wolemba ntchito akaona maudindo awiri otsatizana pa kampani imodzi amadziwa kuti kumeneko anakukhulupirirani.

Pa ntchito imene muli pano pali kabokosi kochonga kolembedwa `I currently work here`. Mukakachonga, bokosi la deti lothera limachoka lokha. Musaikepo deti la lero pofuna kuti bokosi lisakhale lopanda kanthu, chifukwa fomu idzasonyeza kuti munasiya ntchito mwezi uno.

Madeti olembedwa m'manambala okhaokha amafuna maso awiri. Ife tikalemba 03/04/2021 timatanthauza 3 Epulo, koma ku America amawerenga kuti 4 Malichi, ndipo mapulogalamu ambiriwa anapangidwira kumeneko. Deti lopitirira 12, monga 25/04/2021, silisokonezeka kawirikawiri chifukwa kulibe mwezi wa 25, koma kuyambira 1 mpaka 12 tsiku ndi mwezi zikhoza kusinthana. Ngati pa sivi munalemba zaka zokha, monga 2017 mpaka 2019, pomwe fomu ikufuna mwezi ndi chaka, pulogalamu imasiya mwezi kapena kuikapo Januwale. Munthu amene anachoka mu Disembala 2019 akalembedwa Januwale 2019 wataya miyezi 11 pa ntchito imodzi yokha. Tengani makalata anu olembedwera ntchito kapena mapepala a malipiro muone miyezi yeniyeni, musalote.

Mukatha, werengani madeti onse kuchokera pansi kukwera m'mwamba ngati unyolo. Pothera pa ntchito iyi pakumane ndi poyambira pa inzake. Pakaoneka mpata umene m'moyo mwanu munalibe, kapena ntchito ziwiri zikaoneka ngati munkazigwira nthawi imodzi pomwe sizinali choncho, penapake pali deti lolakwika.

Bokosi la `Role Description` limalandira malemba wamba okha. Timadontho ta mndandanda timasanduka timabokosi kapena zizindikiro za funso, ndipo mizere imaduka pakati monga inadukira pa pepala. Palinso vuto lina losaoneka msanga: m'mafailo ena zilembo `fi` ndi `fl` zimalumikizidwa kukhala chimodzi, ndipo posolola zimatayika. `Finance` ya chilembo chachikulu imapulumuka, koma `financial` imatuluka `nancial`, `office` imatuluka `oce` kapena `ofce`. Wolemba ntchito akafufuza mawu amenewa, inu simutuluka pa mndandanda wake. Chikonzereni ndime imeneyi ngati mukuilemba koyamba, ndipo onani kumapeto kwake ngati sinadulidwe, poti mabokosi ena ali ndi malire a zilembo.

Sukulu zathu ndi mndandanda wa eni ake

Pa maphunziro pali msampha umene ndi wathuwathu. Mu 2021 nthambi za University of Malawi zinapatukana. Polytechnic inakhala MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS, ndipo Chancellor College inatsala ndi dzina la University of Malawi. Bunda inali itachoka kale n'kukhala LUANAR. Ndiye mayi amene anamaliza ku Polytechnic mu 2016 alembe chiyani? Alembe dzina limene lili pa satifiketi yake, lomwe ndi University of Malawi, chifukwa digiri anam'patsa ndi imeneyo. Akalemba MUBAS, fomu ndi satifiketi zidzasiyana tsiku limene adzaitanitse mapepala. Ngati pali malo ofotokozera, angawonjezere kuti anaphunzirira ku Polytechnic, imene pano ndi MUBAS.

Masamba ambiri salola kulemba dzina la sukulu momasuka. Amati musankhe pa mndandanda, ndipo pulogalamu ikalephera kupeza sukulu yanu imasiya bokosi lopanda kanthu kapena kusankha ina ya dzina lofananako ya kudziko lina. Yesani kufufuza ndi liwu limodzi, monga `Malawi` kapena `Mzuzu`, m'malo mwa dzina lonse. Ikapanda kupezeka, sankhani `Other` ngati alipo. Musasankhe sukulu imene simunapiteko pongofuna kuti fomu ipitirire.

Chimodzimodzi ndi bokosi la `Degree`. Dipuloma ya ICAM, ya ABE kapena satifiketi ya TEVETA nthawi zambiri sizikhala pa mndandanda wopangidwira kunja, ndipo pulogalamu ikhoza kukukwezani n'kukupatsani digiri kapena kukutsitsani. Sankhani chimene chili choona, ngakhale chikhale `Other`, ndipo mapepala a ukatswiri muwaike pa `Certifications` ngati gawolo lilipo.

Bokosi la magiredi, limene kawirikawiri limalembedwa `Overall Result (GPA)`, lichenjereni. Pa MSCE, mapointi ochepa ndiwo abwino: giredi 1 ndiyo yapamwamba, ndipo wopeza mapointi 6 ndiye wakhoza koposa. Pa GPA ndi zosiyana, nambala yaikulu ndiyo yabwino, ndipo pa sikelo yofala imathera pa 4. Pulogalamu ikatola 14 wa mapointi anu a MSCE n'kumuika pa bokosi limeneli, imatulutsa chinthu chopanda tanthauzo. Ngati satifiketi yanu imangoti `Credit` kapena `Distinction` ndipo bokosi likulola mawu, lembani zomwezo. Ngati likufuna nambala koma si lokakamiza, lisiyeni. Mabokosi okakamiza amakhala ndi kanyenyezi. Kudzipangira nokha GPA n'kulemba chinthu chimene palibe pepala lililonse lingachichitire umboni.

Kukonza gwero lake

Zonsezi mukhoza kumazichita pa fomu iliyonse, koma n'zotopetsa. Njira yabwino ndi kukhala ndi sivi yachiwiri, yosakongoletsa, yongokwezera pa masamba otere. Musanaikweze, iyeseni nokha. Tsegulani failo pa kompyuta, dinani `Ctrl+A` kenako `Ctrl+C`, mutsegule Notepad n'kudina `Ctrl+V`. Zimene zatulukazo zikufanana kwambiri ndi zimene pulogalamu idzaone. Ngati palibe chatuluka, failo yanu ndi chithunzi. Ngati mizere yalowana, vuto ndi kugawa tsamba kapena matebulo. Ngati dzina ndi foni palibe, zili mu `Header`. Pa foni mungayese pogwira chala pa liwu limodzi: likasankhika, m'failomo muli malemba enieni.

Sivi yoteroyo ikhale ya danga limodzi. Mzere woyamba ukhale dzina lanu, osati mutu wina uliwonse. Foni, imelo, mzinda ndi dziko zibwere pansi pake m'thunthu la tsamba. Timitu tikhale todziwika tija. Ntchito iliyonse ilembedwe mofanana ndi inzake, dzina la kampani likubwerezedwa:

```
Assistant Accountant
Company A, Limbe, Malawi
September 2019 - December 2021

Accounts Clerk
Company A, Limbe, Malawi
March 2017 - August 2019
```

Mwezi ukalembedwa m'mawu sungasinthane ndi tsiku. Anthu okuchitirani umboni achotseni m'failo imeneyi pokhapokha ngati malondawo anena kuti akhalemo. Masamba ambiri amafunsa zimenezo pa bokosi lapadera kapena m'tsogolo. Posunga, gwiritsani ntchito `Save As` n'kusankha PDF kapena kusiya `.docx`, osati kusindikiza pa pepala n'kusikana. Ngati tsamba likulola mafailo angapo, mukhoza kukweza yosakongoletsayo poyamba kuti fomu idzaze, yokongola n'kuiphatikiza pambuyo pake.

Apa pali chenjezo limodzi. Mukakonza fomu ndi manja kenako n'kubwerera m'mbuyo kukakweza sivi ina, masamba ena amawerenganso n'kufufuta zonse zimene munakonza, ena amawonjezera pa zakale ntchito iliyonse n'kuoneka kawiri. Choncho sankhani msanga. Mukaona kuti zolakwika zachuluka, siyani pomwepo, konzani failo, muyambirenso. Mukaona kuti n'zochepa, konzani ndi manja ndipo failo musaikhudzenso. Kwa munthu wa ntchito ziwiri kapena zitatu, batani la `Apply Manually` nthawi zambiri limafulumira kuposa kusaka zolakwika za pulogalamu. Sungani mbiri ya ntchito zanu m'kafailo ka malemba wamba pa foni, muzingokopa ndime ndi ndime. Zimathandizanso netiweki ikaduka kapena tsamba likakutulutsani chifukwa mwakhalitsa, poti zimene simunasunge zimatayika.

Ngati mwatumiza kale

Tsamba lomaliza, la `Review`, limaonetsa zonse pamodzi, ndipo ndi mwayi wotsiriza. Liwerengeni sivi ili pambali. Mukadina `Submit`, masamba ambiri salolanso kusintha mbiri ya ntchito ndi maphunziro pa fomu imeneyo, ngakhale ena amalola kusintha foni ndi adiresi mu akaunti yanu. Kumbukiraninso kuti mafomu ambiri amakuvomerezetsani kuti zonse zimene zalembedwa n'zoona. Digiri imene pulogalamu inakupatsani molakwika, mukaitumiza, yasanduka mawu anu.

Mukazindikira cholakwika mutatumiza, musathamangire batani la `Withdraw`. Pa masamba ena mukachotsa fomu simuloledwa kufunsiranso ntchito yomweyo, ndipo ngati tsiku lotsekera ladutsa ndiye kuti mwadzitulutsa nokha. Musatsegulenso akaunti yachiwiri ndi imelo ina, chifukwa mumaoneka ngati anthu awiri a mbiri zosiyana. Yesani kaye kukula kwa cholakwikacho. Kadontho kosanduka kabokosi n'kosadetsa nkhawa. Koma deti limene lakuchotserani zaka, digiri yolakwika kapena imelo ya munthu wina n'zofunika kuzinena. Lembani imelo yaifupi ku adiresi imene ili pa malondawo, mutchule dzina la ntchito ndi nambala yake, bokosi limene lalakwika, chimene lili nacho ndi chimene chiyenera kukhalapo, ndipo munene kuti sivi imene munaphatikiza ili ndi zoona. Mayi wathu uja angangolemba kuti fomu yasiya udindo wa Malichi 2017 mpaka Ogasiti 2019, komanso kuti ntchito imene anayamba mu Januwale 2022 akadali pomwepo.

Pa Workday bungwe lililonse lili ndi akaunti yakeyake, ndiye zimene mwakonza kwa ili sizipita kwa linalo. Koma mkati mwa bungwe limodzi, mukadzafunsira ntchito ina, pamabwera batani la `Use My Last Application`, limene limakoka zonse za fomu yapita, zolakwika zomwe. Ngati fomu yoyamba munaitumiza osaikonza, ulendo wachiwiri dutsaninso bokosi lililonse kapena mudzaze ndi manja, ndipo fomu yokonzedwayo ndi imene izidzakokedwa kuyambira pamenepo.